Bitiruti, repu wogona, poloni ndi soseji yokazinga: naitireti amathandiza liti, amavulaza liti?

Kapu imodzi ya madzi ofinya ku bitiruti imafikitsa naitiraiti wambiri m'mimba kuposa zidutswa ziwiri za poloni zimene mwana amatenga popita kusukulu. Chonsecho madzi a bitiruti amatsitsa kuthamanga kwa magazi, pamene nyama zokonzedwa ngati poloni, bekoni ndi hamu zinaikidwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Naitiraiti wa mbali zonse ziwirizi ndi mmodzi yemweyo, ndipo thupi silingadziwe kuti uyu wachokera kudimba, uyu kubutchala. Chimene chimasiyanitsa mapeto ake ndi zinthu zimene wakumana nazo panjira komanso moto umene wadutsapo. Pa mfundo imeneyi ndi pamene tiyerekeze njira zimene munthu wa ku Chipata angasankhe.

Mayina atatu ofanana

Naitireti, NO₃⁻, ndi mchere umene mbewu zimayamwa m'nthaka. Feteleza wa yureya amene timathira ku repu amasanduka naitireti m'dothi. Payekha sachita zambiri m'thupi. Akataya okosijeni mmodzi amakhala naitiraiti, NO₂⁻, ndipo uyu ndiye wosakhazikika. Akhoza kutayanso okosijeni wina n'kukhala mpweya wa naitiriki okusaidi, NO, umene umafewetsa minofu ya m'mitsempha kuti magazi adutse momasuka. Ntchito ya mpweyawu m'mitsempha ndi imene inapezetsa Furchgott, Ignarro ndi Murad mphoto ya Nobel mu 1998. Koma naitiraiti yemweyo akhozanso kugwirana ndi tizidutswa ta mapuloteni totchedwa maamini n'kupanga naitirosamini, ndipo angapo a m'banja limeneli amawononga malangizo a chibadwa a m'maselo, kumene kuli kuyamba kwa khansa.

Njira ya kudimba: bitiruti wofinya, wowiritsa, kapena bonongwe

Pafupifupi magawo 80 pa 100 a naitireti amene munthu amadya amachokera ku ndiwo zamasamba, osati ku nyama. Mukamwa madzi a bitiruti, naitireti amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Wambiri amatuluka ndi mkodzo, koma pafupifupi gawo limodzi mwa anayi limatengedwa ndi timatumba topanga malovu n'kubwereranso m'kamwa. Kumbuyo kwa lilime, m'timing'alu mosafika mpweya wambiri, muli mabakiteriya amene amasandutsa naitireti kukhala naitiraiti. Mumameza malovuwo, asidi wa m'mimba amasandutsa gawo lina kukhala naitiriki okusaidi, ndipo gawo lina limalowa m'magazi kukagwira ntchito m'mitsempha. N'chifukwa chake mphamvu yake siibwera nthawi yomweyo: imafika pachimake patatha maola awiri kapena atatu, n'kumazilala tsiku likamatha.

Ofufuza a ku London anaonetsa zimenezi mu 2008 m'njira yosavuta. Anthu amene anamwa theka la lita ya madzi a bitiruti, nambala yawo yapamwamba ya bipi inatsika ndi pafupifupi 10. Atauzidwa kuti azilavula malovu onse m'malo momeza, kutsikako sikunaoneke. Mu 2015 kafukufuku wina wa mumzinda womwewo anapatsa odwala bipi mamililita 250 tsiku lililonse kwa milungu inayi, ndipo nambala yapamwamba inatsika ndi pafupifupi 8, yapansi ndi 4. Akaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana, kutsika kwa nambala yapamwamba kumakhala cha m'ma 4 kapena 5. Thandizo lilipodi, koma munthu wa 170 pa 100 sangasiye mapilitsi a kuchipatala chifukwa cha bitiruti, ndipo mukasiya kumwa, bipi imabwerera pamene inali.

Apa pali chinthu chimene chimalepheretsa ambiri osadziwa. Mankhwala otsukira m'kamwa opha mabakiteriya, makamaka okhala ndi kilolohekisidini, amapha tizilombo ta palilime tija, ndiye naitireti amangodutsa osasandulika. Ngati adokotala a mano akupatsani mankhwalawo chifukwa cha chilonda, agwiritseni ntchito mpaka masiku ake athe. Koma kuchukucha nawo m'mawa ndi madzulo chaka chonse kwinaku mukugula bitiruti wa bipi n'kutunga madzi ndi dengu. Mswachi ndi mankhwala wamba otsukira mano sizichotsa mphamvuyi.

Tiyeni tiwerengere munthu wolemera makilogalamu 70. Kapu ya mamililita 250 ya m'kafukufuku uja inali ndi naitireti pafupifupi mamiligalamu 400. Mwa ameneyu, cha m'ma 5 pa 100 amasanduka naitiraiti m'kamwa, kutanthauza mamiligalamu 20 a naitireti, amene akataya okosijeni amatsala mamiligalamu pafupifupi 15 a naitiraiti. Tsopano tengani poloni ya magalamu 50. Wopanga wosamala amathira naitiraiti wa cha m'ma mamiligalamu 150 pa kilogalamu, ndipo wambiri amagwirana ndi nyama pophika ndi posunga. Ngakhale titati gawo limodzi mwa atatu latsala, m'magalamu 50 muli mamiligalamu awiri ndi theka okha. Bitiruti waposa poloni kasanu ndi kamodzi. Mlingo umene akatswiri a WHO ndi FAO anaika wa naitireti pa tsiku, mamiligalamu 3.7 pa kilogalamu ya thupi, kwa munthu wathuyu ndi 259, ndipo kapu ija yaudumpha. Komabe anthu odya masamba ambiri saoneka kuti akudwala khansa kwambiri kuposa anzawo. Chifukwa chake n'chakuti masamba amabwera ndi vitamini C ndi zinthu zina zam'zomera zimene zimathamangira naitiraiti m'mimba n'kumukankhira ku naitiriki okusaidi asanapeze amini, komanso m'masamba mulibe ayironi wa m'nyama yofiira amene amafulumizitsa kupangika kwa naitirosamini.

Nanga wofinya ndi wowiritsa? Naitireti amasungunuka m'madzi. Mukasenda bitiruti, kumuduladula n'kumuwiritsa m'madzi ambiri, kenako n'kukhetsa madzi ofiirawo pamtsuko wa zinyalala, gawo lalikulu la chimene mumafuna lapita nawo. Wowiritsa ndi khungu lake, wathunthu, amasunga zambiri, ndipo wootcha mu uvuni kapena wophika ndi nthunzi amasunga koposa. Wofinya ndiye amapereka wambiri nthawi imodzi. Popanda makina, mupale pa chopalira karoti, muike m'kansalu koyera n'kupotokola. Mufunika pafupifupi theka la kilogalamu kuti kapu idzaze, ndipo madziwo amwedwe tsiku lomwelo. Kafinyidwe ka ndimu pamwamba kamachepetsa fungo la dothi lija n'kuwonjezera vitamini C. Dziwaninso kuti mphamvu ya bitiruti wa pamsika siifanana: kilogalamu imodzi ikhoza kukhala ndi mamiligalamu 1,000, ina kuposa 2,500, malinga ndi feteleza, mtundu wa mbewu ndi dzuwa.

Mkodzo kapena chimbudzi zikafiira mutadya bitiruti, ndi utoto wake chabe ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira mutasiya kudya, pitani kuchipatala. Amene ali ndi vuto la impso kapena anakhalapo ndi timiyala ta mu impso asamwe madziwa tsiku ndi tsiku asanafunse adokotala, chifukwa bitiruti ali ndi potaziyamu ndi okizaleti wambiri.

Ifeyo tikuona kuti kwa banja wamba la ku Kapata, ku Mchini kapena kumidzi ya ku Katete, njira yoyenera kuyamba nayo si bitiruti ayi. Bonongwe, repu, chainizi ndi mpiru nazonso zimasunga naitireti wochuluka, ndipo bonongwe ali m'gulu lapamwamba limodzi ndi bitiruti. Kaphikidwe kathu ka madzi ochepa, tomato ndi anyezi, msuzi wonse n'kudyera nsima, sikataya kanthu. Chowononga ndi soda kapena chidulo chofewetsera masamba, poti chimapha vitamini C, mlonda yemwe uja. Thelere lipitirize kulandira soda wake, koma repu ndi bonongwe safunika.

Masamba omwewo akagona

Ndiwo zamasamba zimatha kuchoka ku mbali yabwina n'kupita ku yoipa osakhudzana ndi nyama. Poto wa repu wophikidwa masana mu Okutobala, wovundukulidwa kangapo, chipande chikulowa ndi kutuluka, n'kusiyidwa pambaula yozima mpaka m'mawa: m'menemo mabakiteriya a pachipande ndi mumpweya agwira usiku wonse ntchito ija ya palilime, mopanda malire, pamene vitamini C akutha. Kufunditsa m'mawa kumapha mabakiteriya ambiri koma sikuchotsa naitiraiti amene wapangidwa kale. Ndiwozo sizichita kununkha kuti mudziwe. Madzi a bitiruti osiyidwa m'botolo pawindo amachita chimodzimodzi. Firiji imachedwetsa kwambiri zimenezi ngati ndiwo zalowamo pasanathe maola awiri. Kumene kulibe firiji, kapena magetsi akuzimazima, phikani zokwanira chakudya chimodzi.

Wamkulu amapirira zimenezi nthawi zambiri. Khanda silipirira. Naitiraiti wambiri akalowa m'magazi amasintha ayironi wonyamula okosijeni kuti asanyamulenso, ndipo mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi alibe mphamvu yokwanira yobwezeretsa magaziwo m'chimake. Milomo, nkhama ndi zikhadabo zimachita bii kapena kubiriwira, mwana amapuma mofulumira ndi kulefuka. Akatenga magazi kuchipatala amaoneka ofiirira ngati chokoleti. Mankhwala ake alipo, koma ndi a kuchipatala, choncho musachedwe ndi zapakhomo. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisapatsidwe madzi a bitiruti kapena msuzi wa masamba, ndipo ngakhale likayamba phala, masamba ake akhale ophikidwa kumene. Madzi a pachitsime chosaya chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi, khola kapena dimba lothiridwa feteleza amabweretsa vuto lomweli akasungunulira mkaka wam'chitini. WHO inaika malire a mamiligalamu 50 a naitireti pa lita. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, koma naitireti sauluka ndi nthunzi. Madzi akaphwera, naitireti amangochuluka m'madzi otsalawo.

Njira ya kubutchala: poloni yozizira ndi soseji ya m'mafuta

Opanga sathira naitiraiti mwachisawawa. Amaletsa bakiteriya wa botulizimu, amene amakula m'nyama yotsekeredwa mopanda mpweya n'kutulutsa poizoni woumitsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma. Amaletsanso mafuta kuvunda, ndipo ndiye amapereka mtundu wa pinki uja. Nyama ya nkhumba yowiritsa imatuwa, pamene hamu imakhalabe pinki ngakhale itapsa. Pa pepala la paketi, naitiraiti amalembedwa E250 kapena E249, naitireti E251 kapena E252. Soseji yaiwisi ya pabutchala imene imatuwa ikapsa nthawi zambiri ilibe naitiraiti. Hangariyani, viyena, poloni, bekoni ndi nyama yang'ombe yam'chitini zimene sizisintha mtundu ndizo zokonzedwa naye.

Vuto n'lakuti m'nyama naitiraiti amapeza zonse zimene m'masamba munalibe: maamini ochuluka, ayironi wa nyama yofiira, mafuta, ndipo pamapeto pake moto. Mu Okutobala 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika nyama zokonzedwa m'gulu loyamba, n'kunena kuti magalamu 50 tsiku lililonse amakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo aakulu ndi pafupifupi 18 pa 100. Nambalayi imamvedwa molakwika. Sikuti anthu 18 mwa 100 adzadwala. Kumene anthu 5 mwa 100 akanadwala khansayi pamoyo wawo, odya motere adzadwala pafupifupi 6. Gulu loyamba likutanthauza kuti umboni ndi wolimba, osati kuti poloni ikufanana mphamvu ndi fodya. Mawu ofunika ndi akuti tsiku lililonse, ndipo magalamu 50 ndi ochepa zedi: soseji imodzi ya hangariyani imaposa pamenepo.

Pakati pa nyama zokonzedwazi palinso kusiyana. Poloni ndi hamu zimaphikidwa kufakitale pa kutentha kosafika ngakhale pa madzi owira, ndipo zikadyedwa zozizira zimakhala ndi naitirosamini wochepa wopangidwa kale. Zimapangitsabe ena m'matumbo, komanso mchere wake ndi wambiri, cha m'ma magalamu awiri pa magalamu 100, zimene wodwala bipi ayenera kuwerengera. Kukazinga ndiko kumasintha nkhani. Naitirosamini amayamba kuchuluka kutentha kukadutsa madigiri 130, ndipo mafuta okazingira tchipisi amafika pa 170 kapena 180. Malinga ngati madzi akadali m'nyama, mkati mwake simupitirira 100. Madzi akauma, m'mbali n'kuyamba kukhwinyata, ndi pamene kutentha kumakwera.

Taonani chiwaya cha pamsewu madzulo: soseji yachekedwachekedwa m'mbali kuti itseguke ngati duwa, yaponyedwa m'mafuta akuda amene akhala pamoto kuyambira m'mawa, yatulutsidwa, yadikira wogula, kenako yabwezedwanso kuti itenthe. Kucheka kuja kwawonjezera malo okhudzana ndi mafuta, ndipo kukazinga kachiwiri kwagwera pa nyama youma kale. Bekoni yokazinga mpaka kuuma gwa ndiye imatsogola pa naitirosamini, ndipo wambiri amatsalira m'mafuta otuluka m'menemo. Chizolowezi chokazingira mazira kapena kabichi m'mafuta amenewo n'chofunika kuchisiya.

Ndiye pa soseji yomweyo, kuiwiritsa kapena kuiika mu supu ya tomato n'kwabwino kuposa kuikazinga. Kuikazinga pamoto wochepa, yosacheka, n'kuichotsa ikangofiira, n'kwabwino kuposa kuipsereza. Kuiotcha pamakala mafuta akudonthera pamoto kumawonjezera poizoni wina wa mu utsi. Gwafa, lalanje kapena madzi a malambe pambali pa chakudya zimachepetsa naitirosamini wopangika m'mimba, koma amene wapangidwa kale m'chiwaya palibe chipatso chingamuphwasule.

Kwa okonza nyama pakhomo

Kuno kum'mawa nkhumba n'zambiri, ndipo oweta ena a ku Petauke, Katete ndi Chipata amafuna kupanga okha masoseji ndi bekoni kuti apindule. Njira zilipo zitatu.

Yoyamba ndi mchere wamba ndi zonunkhiritsa basi. Soseji yotere ndi nyama yaiwisi: ikhale m'firiji tsiku limodzi kapena awiri, apo ayi iumitsidwe m'chipale, ndipo ipse bwinobwino. Ilibe vuto la naitiraiti wothira. Chimene simungachite nayo n'kuipachika pautsi wofunda kwa maola ambiri kapena kuitsekera m'pulasitiki yochotsa mpweya n'kuisiya pashelefu, chifukwa pamenepo ndi pamene botulizimu amakula. Nyama yolezaleza mopyapyala, yothira mchere n'kuyanika mpaka kuuma, monga achitira makolo, imatetezedwa ndi kuuma kwakeko.

Yachiwiri ndi mchere wokonzera nyama wosakanizidwa kale ndi naitiraiti, ndipo apa m'pamene pagona ngozi, chifukwa ulipo wa mitundu iwiri. Wina, wopakidwa utoto wa pinki, uli ndi naitiraiti 6.25 pa 100. Umenewu mlingo wake ndi magalamu 2.5 pa kilogalamu ya nyama, ndipo mchere wamba umathiridwa padera. Wina uli ndi naitiraiti 0.6 pa 100 kapena kucheperapo, ndipo umalowa m'malo mwa mchere wonse, magalamu ngati 20 pa kilogalamu. Tengani makilogalamu 5 a nyama yankhumba yogaya. Ndi mchere woyamba muthira magalamu 12.5, kuwonjezera mchere wamba ngati magalamu 90, ndipo kilogalamu iliyonse ilandira mamiligalamu 156 a naitiraiti. Ndi wachiwiri muthira magalamu 100 popanda mchere wina, kilogalamu n'kulandira mamiligalamu 120. Tsopano munthu atenge malangizo a wachiwiri koma m'manja muli woyamba: magalamu 100 a mchere wa 6.25 akupereka mamiligalamu 1,250 pa kilogalamu, kasanu ndi katatu kuposa mlingo, ndipo kukoma kwa mchere kukhala kwabwinobwino moti palibe adzakayike. Ana ndi amene amayamba kuda milomo. Kulakwitsa kwa mbali inayo, magalamu 12.5 a mchere wofooka, kumapereka mamiligalamu 15 okha, nyama n'kukhala yosatetezedwa pamene mwini akuganiza kuti yatetezedwa.

Choncho mchere wopimidwira m'kapulasitiki kopanda pepala losonyeza mphamvu yake musaugule. Yezani ndi sikelo yowerenga magalamu, osati sipuni. Sungunulani mcherewo m'madzi ozizira pang'ono musanasakanize ndi nyama yogaya kuti ufike paliponse. Pa bekoni yathunthu, mnofu ukhale m'firiji pa madigiri 4 kapena kutsika kwa masiku 7 mpaka 10, mukuutembenuza tsiku lililonse. Mukaphika kachidutswa n'kupeza pakati potuwa pamene m'mbali muli pinki, mchere sunalowe, mwina mnofu unali wokhuthala kapena masiku anachepa. Mawanga obiriwira amasonyeza kuti naitiraiti waunjikana malo amodzi, apo ayi nyama yayamba kuwonongeka, ndipo zonse ziwiri si zodya. Mafakitale amathiranso vitamini C wa ufa, theka la galamu pa kilogalamu. Ku America bekoni yobayidwa madzi amchere imayenera kukhala naye mwalamulo, chifukwa amachepetsa naitirosamini pokazinga. Mumuthire payekha m'nyama, osamusakaniza ndi mchere wa pinki m'kapu imodzi ya madzi, poti ziwirizi zimayamba kugwirana naitiraiti asanafike ku nyama. Mchere wa pinki wa ku Himalaya wogulitsidwa m'masitolo ndi wapatebulo chabe, ulibe naitiraiti. Feteleza, ngakhale dzina lake litakhala ndi mawu akuti naitireti, asayandikire nyama.

Yachitatu ndi imene imatchedwa yachilengedwe: kukonza nyama ndi ufa wa masamba monga seleri kapena bitiruti. Mafakitale ochita zimenezi amathira mabakiteriya osankhidwa kuti asandutse naitireti wa m'masambawo kukhala naitiraiti, choncho chimene chimalowa m'nyama ndi NO₂⁻ yemwe uja, ndipo m'chiwaya amachita zomwe zija. Pakhomo ndiye njira yofooka kuposa zonse. Madzi a bitiruti amafiiritsa soseji ndi utoto wake, nyama n'kuoneka ngati yakonzeka, pamene simukudziwa ngati naitiraiti wapangika wochepa, wambiri kapena sanapangike n'komwe. Soseji yofiiritsidwa ndi bitiruti muisunge ndi kuiphika ngati nyama yaiwisi: m'firiji, masiku osapitirira awiri, ndipo pakati pake pafike madigiri 71 musanaiphule.